Madamu awonjezera khitchini ndi bafa pa ntchito ya matailosi, ndiwauze bwanji za ndalama?

Wamatailosi25: Amisiri anzanga mwaswera bwanji. Ndigaireni nzeru usiku uno chifukwa mawa m'mawa ndikufunika kukayankha. Ndili pa ntchito yoika matailosi m'nyumba ina ku Area 49, eni ake ali ku Joni, amene akuyang'anira ndi madamu awo. Tinagwirizana pabalaza, kolido ndi zipinda ziwiri zogona, zonse pamodzi masikweya mita 52 pa K6,000 sikweya mita imodzi, leba yonse K312,000, mateliyo ndi awo. Theka anandipatsa kale, ina ndikamaliza. Ndiye lero ndikumalizitsa chipinda chachiwiri madamu afika akuti aaa pabalaza pakongola, mungopitiriza ndi khitchini yomwe komanso makoma a kubafa poti muli pompano kale ndipo matailosi atsalawo alipo. Za ndalama sanatchule olo pang'ono. Anthuwa ndi abwino, nsima masana timadya, madzi ozizira amatipatsa, ndiye pakamwa pakundilemera. Ndiyambe kaye ntchitoyo ndidzanene pomaliza kapena bwanji?

Wowotcherera: Osayamba amwene. Osagwira olo gilayinda. Ukangoika tailosi imodzi kukhitchiniko basi yalowa mu 312 ija

Achimwene a Penti: Ine ndikuona mosiyana. Kasitomala wabwino sapezeka wamba masiku ano, ameneyu akukudyetsa, dipoziti anapereka osavuta, ndiye iwe khitchini yokhayo mpaka kuyamba kuwerengetsa? Pangira ngati basela. Anthu a ku Joni amadziwana, mawa akakulumikizitsa kwa anzawo atatu. Ine nyumba zambiri ndapenta chifukwa cha mtima umenewu.

Wowotcherera: kkkk basela wa masiku asanu? Mnyamata wothandizira umulipira ndi basela yemweyo?

Madala Foromani: Dikirani kaye musanakanganirane. Mphwanga, khitchiniyo ndi yaikulu bwanji, bafalo ndi lalikulu bwanji, makoma akufuna mpaka pati, ndipo makatoni atsala angati? Munthu sungauze kasitomala kuti ndalama ikwera iwe mwini usakudziwa kuti ikwera ndi zingati. Ukangoti "pafunika kenakake kowonjezera" iye m'mutu mwake amaika K20,000 iwe uli ndi K200,000, nkhondo imayambira pamenepo. Komanso mgwirizano woyamba uja munalemberana kapena zinali zapakamwa?

Wamatailosi25: Madala ndinayeza ndisanachoke. Khitchini ndi mamita 3 kwa 4. Bafa ndi mamita 2 kwa 1.8, akufuna matailosi afike mulingo wa chitseko, ndiye kuti 2.1. Makatoni anagula 42 a matailosi a 60 kwa 60, ndikamaliza chipindachi atsala awiri basi. Koteshoni ndinalemba papepala nkujambula nkutumiza pa WhatsApp kwa abwana ku Joni, iwo anayankha kuti bho yambani.

Madala Foromani: Ndiye zili bwino, poyambira uli napo. Tiye tiwerengere limodzi. Khitchini ndi masikweya mita 12, pa mtengo wako womwe uja ndi K72,000, ndipo usakweze mtengo wa pansi, ukhale womwewo wa 6,000 kuti aone kuti sukuwadyera. Bafa kuzungulira makoma onse anayi ndi mamita 7.6, kuchulukitsa ndi 2.1 ikubwera pafupifupi 16, uchotse chitseko ndi kawindo itsala 14. Khoma sumatchaja ngati pansi. Umagwira utaimirira, tailosi imafuna kutsetsereka, pali kuboola pa mipope ya shawa ndi sinki, makona anayi onse ndi odula. Iweyo makoma umatchaja zingati?

Wamatailosi25: 8,000

Madala Foromani: Ndiye bafa ndi K112,000. Kuphatikiza ndi khitchini K184,000. Achimwene a Penti mukumva? Ndi ndalama yoposa theka la ntchito yoyamba ija. Basela ndi kumatira tailosi imodzi yapakhonde yomwe yatukuka, kapena kuwakonzera sitepe ya pakhomo. Izi ndi ntchito ina payokha.

Tsopano za matailosi atsalawo. Katoni ya 60 kwa 60 imakhala ndi matailosi anayi, ndiye kuti masikweya mita 1.44. Makatoni awiri sakufika ndi masikweya mita atatu omwe. Khitchini ya 12 ukaikapo zoduladula ndi zosweka uwerengere 13 ndi kakuti, amenewo ndi makatoni 10. Madamu akuona makatoni ali pakona akuganiza kuti ndi ambiri, sakunama ayi, sanawerenge chabe. Amene awawerengere ndi iweyo, ndipo mawa, osati utafika pakati pa khitchini.

Achimwene a Penti: Chabwino sindimadziwa kuti ndi yochuluka choncho. Koma ndikuti kanenedwe kake. Ukangofika ndi pepala m'mawa munthu asanamwe ndi tiyi yemwe akuona ngati ndiwe wadyera

Mayi Telala: Ine si wa zomangamanga koma nkhaniyi ndi yomweyo kwathu kuno. Munthu amabwera ndi chitenje akuti diresi wamba, tagwirizana mtengo, ndadula, kenako pobwera kudzayesa akuti muikemo lainingi, manja akhale otukumuka, kumbuyo zipi yobisika. Kale ndinkangoti chabwino mayi. Tsiku lotenga ndikatchula mtengo watsopano nkhope imasintha pompo, "simunandiuze bwanji", ndipo ukaganiza bwino amakhala akunena zoona. Akanadziwa kuti lainingi ndi ndalama ina mwina akanati isiyeni. Pano ndimanena nthawi yomweyo tepi ili m'khosi, ndimati zitheka mayi, lainingi iwonjezera mwakuti, ndiike? Ena amati ikani ena amati ayi basi isiyeni, palibe amene anakwiyapo. Amene amakwiya ndi uja wamva zinthu zitasokedwa kale chifukwa sangabwezenso.

Wamapulani: Ine ndayankhula ngati kasitomala tsopano, ndinamangitsapo. Amisiri enanu mumatchula mtengo wotsika dala kuti mupeze ntchito, mukalowa m'nyumba ndiye chilichonse ndi ekisitala. Pansi sipali levulo ekisitala, kudula pachitseko ekisitala, kunyamula makatoni kuchokera pageti ekisitala. Ndiye kasitomala akamva mawu oti ndalama yowonjezera thupi limachita tsemwe. Musamaiwale zimenezo.

Madala Foromani: Mwanena zoona bwana ndipo mpake kusiyanitsa. Kudula pachitseko, kunyamula makatoni, kutsuka gilauti pomaliza, zimenezo ndi mbali ya kuika matailosi, mmisiri amene akutchaja padera akuba. Koma chipinda chomwe sichinalembedwe pa koteshoni ndi china. Muyeso wake ndi wosavuta, tsegulani pepala lija muone ngati mawu oti khitchini alipo. Pa masaiti akuluakulu timati valiyeshoni, foromani sasuntha munthu kupita pa ntchito yosinthidwa popanda chikalata chochokera kwa akitekiti kapena injiniya, chifukwa ukapanga za pakamwa kumapeto wowerengera ndalama amangofunsa kuti anakutumani ndani, muonetse pomwe analemba. Pa nyumba ya munthu sitifuna mafomu onsewo, meseji ya pafoni yoyankhidwa ndi yokwanira.

Kabaza wa Mchenga: Vuto ndi simenti akuluakulu. Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizinakhazikikenso, lero thumba mtengo uwu mawa wina. Ndiye kasitomala amvetse kuti mitengo ikukwera basi, umuuze kuti zinthu zadula

Wowotcherera: Aise wawerenga nkhani yake koma? Mateliyo akugula okha eni nyumba. Apa sitikukamba za kukwera mitengo, ntchito ndi imene yakula

Madala Foromani: Ndipo mphwanga usayerekeze kutchula zoti zinthu zadula. Ukasakaniza ziwirizi aziona ngati ukufuna kukweza mtengo wa ntchito yakale ija. Ya 312 ikhale pomwepo osaikhudza.

Kabaza wa Mchenga: Ooh pepani ndinangoona za ndalama kkk. Koma mchenga ukafunika ndilipo

Wamipope: Funso langa ndi la kubafako. Mipope ya m'khoma inaikidwa kale? Shawa mikisa ili m'malo? Anatsegulira madzi nkuona ngati sipakudontha? Chifukwa ine ndatopa nako kuitanidwa matailosi ataikidwa kale kuti ndidzaswe khoma, kenako wamatailosi akuitanidwanso kudzamata, ndipo kasitomala amafuna kuti kumatako kukhale kwaulere poti "ndi ntchito yanu yomwe ija".

Wamatailosi25: Mipope ya madzi ozizira ilimo koma ya giza sanaike, madamu akuti giza adzagula chaka chamawa

Wamipope: Ndiye bafalo silinakonzeke. Paipi ya madzi otentha ilowe m'khoma panopa olo giza kulibe, aitseke kumapeto idikire. Auze zimenezo, akuthokoza.

Wamatailosi25: Komanso ndaiwala kunena, pansi pa khitchini ndinaikapo levulo, pakutsetserekera kuchitseko cha panja, kusiyana kwake ngati zala ziwiri, ndipo anapaka simenti yosalala ija yopolisha

Madala Foromani: Eee ndiye zimenezo zilowe pa pepala lomwelo mawa, osati udzazitulukire mkucha. Zala ziwiri sungakwirire ndi adihesivu, udya matumba ambirimbiri ndipo tailosi idzalira mphako ukaigogoda. Pafunika kusema pansipo kuti pakhale pokhakhala, kuthira sikilidi, simenti yosakaniza ndi mchenga yolevulira pansi ija, nkudikira iume. Ika mtengo wake pawokha, kaya K30,000, mzere wakewake kuti aone chimene akulipira. Zonse pamodzi K214,000. Chimene chimapha chikhulupiriro ndi kubwera kawiri, lero wawonjezera, pakutha masiku awiri wabweranso kuti ndinaiwala sikilidi. Apo ndiye bwana Wamapulani aja amakhala akulondola.

Wamatailosi25: Nanga ndiuze ndani, madamu kapena abwana? Apa ndi pomwe mutu waima. Amene wandituma ndi madamu koma ndalama imachokera ku Joni

Mayi Telala: Yambira madamu pamaso. Ukawadumpha nkulembera amuna awo usiku uno aziona ngati wakawanenera, ndipo amene umaonana nawo tsiku ndi tsiku ndi iwowo. Mwinanso amuna awo sakudziwa nkomwe kuti kwabwera nkhani ya khitchini.

Wowotcherera: Ine zinandionekerapo ku Chilinde. Mlamu wake wa mwini nyumba anandiuza kuti ndiwonjezere mabagala pa mawindo atatu akumbuyo, ndinawotcherera, mwini wake pobwera akuti ine ndinati akutsogolo okha, amene anakutumayo akulipire. Mlamu uja foni osayankhanso. Ndalama imeneyo ndinaisiya m'manja mwa Mulungu

Madala Foromani: Onse awiri, koma motsatana. M'mawa ukafika uyambe kaye ntchito yako yakale ija, umalizitse chipindacho, asaone ngati wanyanyala. Madamu akatuluka uwatengere kukhitchini ndi tepi ndi levulo m'manja, uwaonetse ndi maso kutsetsereka kuja, uwerenge nawo makatoni. Usayambe ndi kupepesa ndipo usayambe ndi kukana. Yamba ndi kuvomera kuti zitheka. Ukatero uwauze kuti poti koteshoni yoyamba inapita kwa abwana, iyinso uitumiza kwa onse awiri kuti pasakhale kusamvana. Meseji yake ikhale chonchi, usinthe mwako:

"Bwana ndi mayi, zikomo pondikhulupirira ndi khitchini ndi bafa, ndine wokonzeka kugwira. Poti sizinali pa koteshoni yoyamba ija ya K312,000, ndati ndikudziwitseni mtengo ndisanayambe. Khitchini masikweya mita 12, K72,000. Kusema ndi kulevula pansi pa khitchini K30,000. Makoma a kubafa masikweya mita 14, K112,000. Zonse K214,000, leba yokha. Pafunikanso kugula makatoni 10 a pansi, matailosi a khoma, adihesivu, gilauti, simenti ndi mchenga, mndandanda ndikupatsani. Masiku awonjezereka pafupifupi sabata imodzi chifukwa cha kudikira sikilidi. Mukhoza kusankha zonse, chimodzi, kapena kudikira kaye. Mukandiyankha pano ndi kutumiza theka ndiyamba. Pakadali pano ndikumalizitsa zomwe tinagwirizana."

Waona kuti mulibe mawu oti pepani, mulibenso kudandaula za mnyamata wothandizira kapena thiransipoti. Mavuto ako si nkhani yawo, iwo akufuna adziwe chimene apeze ndi chimene alipire.

Achimwene a Penti: Koma theka lachiwirinso? Munthu anakupatsa kale dipoziti, ali ndi ndalama yako ina m'manja, ukufunanso ina. Apo ndiye mwaonjeza madala. Ine ndikanangofuna yankho lolemba basi

Madala Foromani: Tawerengani achimwene. Panopa eni nyumba ali ndi K156,000 yake. Akagwira zowonjezerazo osalandira kanthu, pomaliza akhala akudikira K370,000 kwa munthu amene ali kunja kwa dziko. Ndalama yotumiza imachedwa, mwezi wina kuntchito sikunayende, iye wamatailosi walipira kale mnyamata wake masabata awiri kuchokera m'thumba. Ngati theka likulemera, bola amalize kulipira ntchito yoyamba ikatha, yachiwiri iyambe payokha.

Achimwene a Penti: Yachiwiriyo ndiye ndingavomere. Koma kupempha dipoziti kawiri pa nyumba imodzi ine ayi

Wamapulani: Ngati kasitomala, meseji imeneyo ndingailandire bwinobwino, makamaka poti yandipatsa mpata wosankha. Chimene ndingafunse ndi chimodzi, bwanji mtengo sunatsikeko poti zida zili kale pamalo, simukulipiranso galimoto yonyamula. Konzekerani funso limenelo chifukwa libwera.

Wowotcherera: Ukatsitsa utsitse zooneka. Lemba 214 kenako pansi ulembe kuti ndachotsa 14 itsala 200. Osangotchula 200 yokha, sadziwa kuti wawachitira chifundo ndipo adzanenereranso pamenepo

Wamatailosi25: Pali kenanso kakundidetsa nkhawa. Lolemba ndinalonjeza kukayamba kwa munthu wina ku Kanengo, anandipatsa kale ya thiransipoti. Ndikatenga khitchini ndi bafa Lolembalo silitheka

Madala Foromani: Mapanga awiri avumbwitsa mphwanga. Nchifukwa chake masiku ndawaika mu meseji muja, kusintha kwa ntchito kumadya ndalama komanso kumadya kalendala, ndipo ambiri timakumbukira ndalama yokha. Apa sikilidi ikuthandiza. Sema ndi kuthira Loweruka ngati avomera, Lolemba upite ku Kanengo pansi pakuuma, wamipope naye alowetse paipi yake ija, udzabwerere zonse zitakonzeka. Koma uwauze tsiku lenileni lobwerera.

Wamipope: Ndipo makatoni 10 enawo akagule msanga. Matailosi a dzina limodzi ndi saizi imodzi amatha kusiyana mtundu pang'ono akakhala a ulendo wina wopangidwa, pa katoni pamakhala nambala yake. Atenge katoni yopanda kanthu popita kushopu akafananize. Khitchini ikalumikizana ndi kolido kusiyanako kumaoneka pakhomo penipeni

Mayi Telala: Mutiuze mawa zikayenda bwanji achimwene, tagona nayo nkhaniyi

Wamatailosi25: Ndabwera akuluakulu. Ndinapanga momwe madala ananenera. Madamu poyamba anangoti zii, kenako akuti "ine ndimaona ngati ndi zomwezija poti mumatchaja nyumba". Ndinawatsegulira chithunzi cha koteshoni pafoni, tinawerenga limodzi, pabalaza, kolido, zipinda ziwiri. Levulo ija ndi imene inathandiza kwambiri, ataona kadontho kathawira mbali imodzi anayamba kukalipira amene anathira pansi poyamba osati ine. Meseji ndinatumiza kwa onse awiri cha m'ma 9, abwana ayankha masana ndi voisi noti. Akuti khitchini ipangidwe, K102,000 avomera, atumiza limodzi ndi yotsala ija Lachisanu. Bafa lidikire mpaka adzabwere mu Disembala adzaone okha za giza.

Madala Foromani: Voisi noti ndi yabwino koma uwalembere mzere umodzi, "ndamva bwana, khitchini K102,000, bafa ladikira", ayankhe olo ndi chala chokha. Ndipo usaseme pansi ndalama ya Lachisanuyo isanalowe.

Wamatailosi25: Ndalemba, ayankha kuti yes. Koma mu voisi noti momwemo anenanso kuti sikating'i, timatailosi ta m'munsi mwa khoma tija, ndiye musatiuze kuti ndi ekisitala, imeneyo ndi ya matailosi omwewo. Pa koteshoni sipanalembedwe kuti ilipo kapena palibe. Ndayeza ndi mamita 48 zipinda zonse

Wowotcherera: Yayambika ina kkkkk. Sinalembedwe ndiye kuti palibe, tchaja pa mita

Wamapulani: Ayi apo ndikana. Ine munthu akandiuza kuti aika matailosi pabalaza ndimayembekezera chipinda chomalizika, ndi sikating'i yomwe. Ndani amasiya khoma lili mbee m'munsi? Khitchini ndi chipinda china, ndavomera, koma iyi ili m'chipinda chomwe munagwirizana.

Madala Foromani: Iyi ndiye ilibe yankho limodzi, amisiri ena amaiphatikiza mu mtengo wa sikweya mita ena amatchaja pa mita payokha, ndipo pepala lako silikuthandiza mbali iliyonse. Ndikanakhala ine leba yake ndikanagawana nawo pakati, kapena kuisiya ndithu poti khitchini avomera osanenerera. Koma matailosi ake ndi awo. Tailosi imodzi ukaidula mulifupi masentimita 10 uwerengere tizidutswa tisanu tabwino, mamita 48 akufuna tizidutswa 80, ndiye kuti matailosi 16, makatoni anayi. Atsala aja ndi awiri. Popita kukagula a khitchini aonjezere awiri akhale 12.

Achimwene a Penti: Basela uja ndimanena ndi ameneyu tsopano, mwafika pomwe ndinayambira

Wowotcherera: Mamita 48 odula ndi gilayinda fumbi lili kobo tsiku lonse ndi theka, inu mukuti basela. Disiki yodulira agula ndani?

Wamatailosi25: Disiki ndi yanga. Ndiganiza usiku uno, mwina ndiwauza K500 pa mita m'malo mwa 1,000 yomwe ndimatchaja. Wamipope nditumizireni nambala yanu kumbali, madamu akuti mudzaone za paipi ya giza ija Loweruka mudzawauze mtengo